Mmene mungadziwire ngati pampu yapamwamba ingakweze madzi m'chitsime chanu

Pali vuto limene limabwerezabwereza kwa anthu okhala ndi zitsime. Munthu wagula pampu ya injini, waikhazika pambali pa chitsime, watsitsa paipi, madzi akutuluka bwinobwino. Miyezi ingapo yapita, mvula yasiya, tsiku lina pampu ija ikungolira koma kupaipi sikukutuluka kanthu. Akasuzumira m'chitsime, madzi alimo, akuwaona ndi maso ake. Ndiye amaganiza kuti injini ndiyo yachepa mphamvu, nkupita kukagula yaikulu. Yaikulu ija nayonso ikungolira chimodzimodzi. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa ndalama zonsezo zikanapulumuka ndi chingwe, tepi yoyezera ndi masamu a mphindi zisanu.

Chimene chimasokeretsa anthu ndi mawu amene tonse timanena, akuti pampu imakoka madzi. Pampu yokhala pamwamba sikoka madzi ngati mmene munthu amakokera ndowa ndi chingwe. Ntchito yake ndi kuchotsa zimene zili m'paipi kuti mphamvu yokankha ya m'katimo ichepe. Chimene chimakweza madziwo ndi mpweya wotizungulirawu, umene ukupsinja pamwamba pa madzi a m'chitsime usana ndi usiku. M'paipi mukachepa mphamvu, mpweya wa kunja uja umakankhira madzi m'paipimo, nkuyamba kukwera. Ndi zomwezo zimachitika mukamamwa chakumwa ndi kapaipi: pakamwa panu pamangopereka malo, wokankha ndi mpweya.

Tsono mpweya uli ndi kulemera kwake, ndipo kulemerako kuli ndi malire. M'mbali mwa nyanja yamchere, mpweya umapsinja ndi mphamvu yokwanira kuimiritsa madzi m'paipi mpaka mamita 10.3 basi. Ngakhale mutakhala ndi pampu yangwiro, yochotseratu mpweya wonse m'paipi osasiyamo ngakhale kadontho, madzi adzafika pamenepo nkuima. Injini ya mahatchi asanu ndi ya mahatchi makumi asanu zimakumana ndi khoma limodzimodzi, poti si injini imene ikukankha.

Nkhaniyi ndi yakale. Amisiri a mapampu a ku Italy ankaidziwa m'manja mwawo asayansi asanaimvetse, ndipo Galileo analemba mu 1638 kuti pampu yamtunduwu imalephera kukweza madzi akapitirira mikono 18. Wophunzira wake Torricelli ndi amene anapeza chifukwa chake cha m'ma 1643 ndi 1644. Iye anagwiritsa ntchito mekyule, chitsulo chamadzimadzi, amene ndi wolemera kuposa madzi ka 13.6, ndipo anaona kuti amaima pa masentimita pafupifupi 76 m'chubu chotseka kumwamba. Chulukitsani 0.76 ndi 13.6, mupeza mamita 10.3 omwe aja. Mu 1648 mlamu wake wa wasayansi wina dzina lake Pascal anakwera ndi chubu chotere phiri la Puy de Dôme ku France, mekyule nkumatsika pamene iye ankakwera. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ikukhudza chitsime chanu: malo akakwera, mpweya wopsinja madzi umachepa.

Choyamba, yezani pamene pali madzi, osati kuya kwa chitsime

Anthu ambiri akafunsidwa za chitsime chawo amayankha kuti ndi chakuya mamita akutiakuti. Pampu ilibe nazo ntchito zimenezo. Chitsime cha mamita 40 chimene madzi ake ali pa mamita atatu kuchokera pamwamba chimatheka ndi pampu yapamwamba. Chitsime cha mamita 12 chimene madzi ake ali pa mamita 10 sichingatheke. Kutalika kwa paipi imene yamira m'madzi nakonso sikuwerengedwa. Chowerengedwa ndi mtunda wochokera pankhope pa madzi kufika pakamwa polowera madzi pa pampu, ndipo muyeze mowongoka kuchokera pansi kupita kumwamba, osati motsatira paipi ngati yagona chopendekera.

Kayezedwe kake nkosavuta. Mangani kabotolo kopanda kanthu kapena kachitsulo koyera kunsonga kwa chingwe chosatamuka, mutsitse pang'onopang'ono mpaka mutamva kaphokoso kogunda madzi. Ikani chizindikiro pachingwe molingana ndi pakamwa pa chitsime, muchikoke, muyeze ndi tepi. Pa chitsime chobowola chopapatiza, pakani choko kumapeto kwa tepi yachitsulo. Pamene choko chanyowa ndi pamene madzi ayambira. Yezani m'mawa munthu asanatunge, kuti mupeze pamene madzi amakhazikika chitsime chikapuma. Kenako muonjezere kutalika kwa pampu kuchokera pakamwa pa chitsime. Pampu ikakhala pa chikhazikitso cha masentimita 40, amenewonso amalowa m'masamu.

Chachiwiri, yezaninso madzi akamatungidwa

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Pampu ikayamba kugwira ntchito, madzi a m'chitsime amatsika, chifukwa nthaka siibweza madzi mofulumira ngati mmene pampu ikuchotsera. Amatsika mpaka pamene olowa ndi otuluka afanana, kenako nkukhazikika. Pamenepo ndi pamene pampu yanu idzagwirire ntchito tsiku ndi tsiku. Bwerekani pampu, kapena tungani ndi ndowa mwakhama pa liwiro loyandikira limene mudzafune, muziyeza pakatha mphindi khumi zilizonse mpaka muyeso utasiya kusintha. Ola limodzi kapena awiri amapereka chithunzi chabwino pa chitsime chaching'ono.

Ndipo muyeso woyenera kuudalira ndi wa kumapeto kwa chilimwe, madzi atatsikitsitsa. Ngati mukuyeza nthawi ya mvula, funsani amene akhala akutunga pachitsimepo kwa zaka zambiri kuti chingwe chimatalika bwanji m'miyezi youma. Yang'ananinso khoma la chitsime, nthawi zambiri limasunga mizere yosonyeza pamene madzi amafika.

Chachitatu, werengani mamita amene muli nawo

Ine ndimakonda kuwaona mamita a mpweya aja ngati ndalama za m'thumba. Mumayamba ndi 10.3, ndipo pali angapo amene amatapapo musanagule nkomwe mita imodzi yokwezera madzi.

Woyamba kutapa ndi kukwera kwa malo. Pa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya umaimiritsa madzi mamita pafupifupi 9.2. Pa mamita 1,500 ndi 8.6, ndipo pa mamita 2,000 ndi 8.1. Mwachidule, mumataya mita imodzi ndi pang'ono pa mamita 1,000 alionse. Foni zambiri zimatha kukuuzani kukwera kwa malo amene mwaima.

Wachiwiri ndi kutentha kwa madzi. Madzi amawira pa madigiri 100 chifukwa mpweya ukuwapsinja. Mukachepetsa kupsinjako amawira pa kutentha kochepa, ndipo mukachepetsa kwambiri amawira ali ozizira. M'paipi yokokera madzi ndi mmene kupsinja kumachepa kwambiri, choncho madzi amatha kusanduka nthunzi m'menemo. Pa madigiri 20 zimenezi zimakudyerani masentimita 24, pa madigiri 30 masentimita 43. Pa madzi a m'chitsime ndi zochepa, koma zilipo.

Wachitatu ndi paipi yeniyeniyo. Madzi akamathamanga amakhulana ndi khoma la paipi, amapanikizika pa sefa, pa valavu yapansi imene imaletsa madzi kubwerera m'chitsime, ndi pokhota paliponse. Paipi yopapatiza, yaitali, yokhotakhota ikhoza kudya mamita awiri kapena kuposa, pamene yaifupi ndi yotakata imadya osakwana mita imodzi. Uyu ndi wotapa yekhayo amene muli ndi mphamvu zenizeni zomuchepetsa.

Wachinayi ndi pampu mwini wake. Pampu ya impela, kagudumu kamapiko kozungulira m'kati mwake, imafuna kuti madzi afike pakamwa pake akadali ndi mphamvu ina yotsala, apo ayi amawira pamene impela ikuwakokera mkati. Opanga amalemba chiwerengerochi pa pepala la pampu, pa mzere wolembedwa `NPSHr`, m'mamita. Chimakwera pampu ikamatulutsa madzi ambiri. Musanyengeke ndi chiwerengero china cholembedwa pa bokosi chonena kuti pampu imakoka mpaka mamita 7 kapena 8. Chimenecho ndi cha m'mbali mwa nyanja yamchere, pampu ili yatsopano, ndipo pa malire amenewo madzi otuluka amakhala ochepa kwambiri.

Tiyeni titenge chitsime chimodzi tichiwerengere mpaka kumapeto. Chili pa malo okwera mamita 1,200, pamene mpweya umapereka mamita 8.9. Madzi ake ndi a madigiri 25, ndiye tichotsa 0.3. Paipi ndi valavu tiyerekeze kuti zikudya 0.8. Pepala la pampu likuti `NPSHr` ndi mamita atatu pa madzi amene tikufuna. Tisiyenso theka la mita loti litipulumutse pampu ikayamba kutha.

```
8.9 - 0.3 - 0.8 - 3.0 - 0.5 = 4.3
```

Mamita 4.3 ndiwo amene pampu imeneyi ingakweze pamalowa ikugwira ntchito yake yonse popanda kudzivulaza. Taonani kusiyana kwake ndi 10.3 amene tinayamba nawo.

Tsopano chitsimecho. Ndi chakuya mamita 14. Nthawi ya mvula madzi ali pa mamita 3.2, ndipo pakamwa pa pampu pali masentimita 40 pamwamba pa chitsime. Zonse pamodzi ndi mamita 3.6, ndiye poyamba zonse zili bwino, mwini wake akusangalala. Patatha theka la ola madzi atsika ndi mita imodzi ndi theka, tafika pa 5.1. Pampu ikutulutsabe madzi, koma achepa, ndipo yayamba kulira mwachilendo. Pofika kumapeto kwa chilimwe madzi akukhazikika pa mamita 7.5. Onjezerani masentimita 40 aja, ndi 7.9 pampu isanayambe nkomwe, ndipo ikanatha kutunga ikanawatsitsa kufika pa 9.4, kupitirira mamita 8.9 amene mpweya wa pamalopo ungakwanitse. M'chitsimemo mwatsala madzi akuya mamita oposa asanu ndi limodzi, koma palibe pampu yapamwamba yodalira kukoka kokha padziko lino imene ingawagwiritse ntchito moyenera.

Pampu yamanja ya pisitoni, imene silinda yake ili pamwamba m'mutu mwa pampu, imapirira pang'ono kuposa ya impela chifukwa imayenda pang'onopang'ono. Nchifukwa chake amisiri amanena za mamita pafupifupi 7 m'mbali mwa nyanja yamchere. Pa malo okwera ngati a chitsanzo chathu, ine sindingadalire kupitirira mamita 6.

Mmene mungamvere kuti pampu yafika pa malire

Ikani dzanja pa thupi la pampu ndipo mutchere khutu. Pampu imene madzi akuwira mkati mwake imamveka ngati mwathiramo timiyala, kuchita kuti gobedegobede, thupi lake likunjenjemera, ndipo madzi kupaipi amatuluka modukizaduka. Timathovu ta nthunzi timapangika polowera impela, kenako timaphwanyika mwamphamvu tikafika pamene madzi apanikizika. Kuphwanyikako kumakokota chitsulo. Mukamasula pampu imene yagwira ntchito chonchi kwa miyezi, impela yake imaoneka ngati yadyedwa ndi chiswe, ili ndi timaenje tambirimbiri pafupi ndi polowera madzi.

Pali njira yosiyanitsira vutoli ndi la mpweya wolowa pa mfundo za paipi, poti zonse ziwiri zimachepetsa madzi. Tsekani pang'ono valavu ya kotulukira madzi, kapena chepetsani moto wa injini. Phokoso la timiyala likatha, ndiye kuti madzi amawira, ndipo pampu ili pa malire ake. Likapanda kusintha, ndipo m'madzi otuluka mukuoneka thovu loyera losatha, funani pamene mpweya ukulowera. Kumbukirani kuti paipi yokokera madzi siidontha pampu ikamayenda, imayamwa mpweya mwakachetechete. Pakani thovu la sopo lokhuthala pa mfundo iliyonse, muone pamene likumira. Musayerekeze kutseka valavu ya mbali yokokera pofuna kuchepetsa madzi, chifukwa kutero ndi kuonjezera vuto lomwelo. Ngati muli ndi geji yoyezera mbali yokokera, kumbukirani kuti 0.1 ya baa ndi pafupifupi mita imodzi ya madzi, ndiye geji ikaonetsa `-0.6 bar` ndiye kuti pampu ikulimbana ndi mamita asanu ndi limodzi.

Ngati masamu anu akuperewera ndi mita imodzi kapena kucheperapo, pali zimene mungakonze. Sendezani pampu pafupi ndi chitsime, ndipo muitsitse mmene mungathere. Paipi yokokera isachepe kuposa pakamwa pa pampu, ndipo ikakula ndi saizi imodzi ndi bwino kwambiri. Ikwere mosalekeza kupita ku pampu, popanda nsonga yotumphuka pakati, chifukwa pamenepo mpweya umamanga chisa. Ikhale yolimba khoma. Paipi yofewa imaphwatalala ikakokedwa. Valavu yapansi imire ndi theka la mita kapena kuposa pansi pa madzi otsikitsitsa, komanso isagone pamatope.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse: musatsitsire pampu ya petulo kapena dizilo m'chitsime kuti iyandikire madzi. Utsi wake uli ndi mpweya wakupha wopanda fungo umene umadzaza m'dzenje, ndipo anthu amafera m'zitsime mwa njira imeneyi, kuphatikizapo amene alowa kukapulumutsa anzawo.

Chachinayi, madzi akatalika, tsitsani chokankha

Kukoka kuli ndi malire chifukwa wokankha ndi mpweya. Koma mukaika chokankha chanuchanu pansi pa madzi, malire aja amatha. Madzi sakuyembekezeranso mpweya, akunyamulidwa kuchokera pansi. Zimene zimaika malire tsopano ndi mphamvu ya wopopa ndi kulimba kwa zitsulo ndi mapaipi. Pampu yamagetsi yomiza m'madzi imagwira ntchito pa mfundo imeneyi, ndipo mjigo nawonso ndi chimodzimodzi.

Chimene mumachiona pamwamba pa mjigo si pampu yeniyeni. Ndi mutu, handulo ndi potulukira madzi basi. Pampu ili pansi, m'madzi. Kuchokera kumutu kumatsika mapaipi okwezera madzi, ndipo kumapeto kwake kuli silinda. M'kati mwa mapaipimo mumadutsa ndodo zachitsulo zolumikizana, zimene amisiri amazitcha marodi, ndipo zimagwira pulanja, kapena kuti pisitoni, m'kati mwa silinda. Muli mavalavu awiri olola madzi kupita kumwamba kokha: ina ili mu pulanja momwemo, ina ili pansi pa silinda, imene imatchedwa futuvalavu.

Mukatsitsa handulo, marodi amakwera ndi pulanja. Valavu ya mu pulanja imatsekeka, ndipo madzi onse ali pamwamba pake, kuchokera mu silinda mpaka kumutu, amanyamulidwa pamodzi. A pamwamba penipeni ndi amene amakhuthukira mu ndowa. Pansi pa pulanja pamatsala malo, futuvalavu nkutseguka, madzi a m'chitsime nkulowa okha, poti silinda yamira kale ndipo akuipsinja mbali zonse. Mukakweza handulo, pulanja imatsika, futuvalavu imatseka kuti madzi asabwerere, ndipo valavu ya mu pulanja imatseguka kuti madzi a pansi adutse apite pamwamba pake. Palibe pamene madzi akukokedwa mtunda wautali. Nchifukwa chake mijigo yodziwika ngati Afridev ndi India Mark II imatunga madzi pa mamita 45, kuchulukitsa kasanu ndi kamodzi zimene pampu yapamwamba ingathe.

Wina angafunse kuti, bwanji osaika silinda pamwamba pang'ono pa madzi, nkusiya kapaipi kakafupi kakukoka, kuti tisunge mapaipi ndi marodi? Mwa masamu zimatheka, bola mtundawo usapitirire malire tawerenga aja. Koma ndikukulangizani kuti musatero. Silinda yomira imadzidzaza yokha, siifuna kuthiridwa madzi oyambitsira, ndipo madzi oyambitsira ndi khomo limene tizilombo timalowera m'chitsime, chifukwa anthu amathira alionse amene ali pafupi. Labala kapena chikopa cha pulanja chimakhala chonyowa nthawi zonse, sichiuma nkung'aluka. Kachibowo kakang'ono pa silinda yomira kamalowetsa madzi, osati mpweya. Ndipo madzi akatsika chilimwe, silinda imene inali mamita atatu pamwamba pa madzi imadzapezeka ili mamita asanu ndi atatu, ili pa chimtunda choti singakokenso madzi.

Kusankha pamene silinda ikhale

Titenge chitsime chobowola cha mamita 40. Chikapuma, madzi ali pa mamita 18. Kumapeto kwa chilimwe, anthu atajiga tsiku lonse, amatsika kufika pa mamita 24. Chiwerengero cha 24 ndicho mtsogoleri wanu. Silinda ikhale pansi pake ndi mamita angapo, kuti chaka cha chilala isayambe kumwa mpweya. Pano ndingaike pa mamita 30, amene ndi mapaipi khumi ngati ali a mamita atatu lililonse. Musaitsitse mpaka pansi penipeni poganiza kuti kuya ndiko chitetezo. Pansi ndi pamene mchenga ndi matope zimakhazikika, ndipo mchenga umadya labala ya pulanja ndi khoma la silinda msanga. Funsaninso wobowola kuti mapaipi ong'ambidwa olowetsa madzi ali pa mamita angati, ndipo mupewe kuika polowera madzi pa silinda moyang'anizana nawo, chifukwa pamenepo mchenga umalowa mwachindunji.

Kodi kutsitsa silinda kumalemetsa handulo? Pang'ono chabe. Katundu wa madzi amawerengedwa kuchokera pankhope pa madzi a m'chitsime, osati pa silinda, chifukwa madzi a kunja amene amiza silinda amathandiza kukankha pulanja kuchokera pansi. M'chitsanzo chathu mukunyamula madzi a mamita 24, osati 30. Chimene chimaonjezereka ndi kulemera kwa marodi okha.

Chimene chimalemetsa kwambiri ndi kukula kwa silinda, ndipo apa ndi pamene mumamvetsa chifukwa chake masilinda a zitsime zakuya amakhala opapatiza. Silinda ya Afridev ndi ya mamilimita 50 m'mimba mwake. Nkhope ya pulanja yake ndi masikweya sentimita 19.6, ndiye mita iliyonse ya madzi imaipsinja ndi pafupifupi makilogalamu awiri. Pa mamita 24 ndi makilogalamu 47. Marodi achitsulo a mamilimita 10 amalemera magalamu pafupifupi 600 pa mita, ndiye mamita 30 aonjezera makilogalamu ngati 18. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 65. Handulo imene imachepetsa katundu katatu imabweretsa m'manja mwanu makilogalamu 22, amene munthu wamkulu amakwanitsa kwa nthawi yodzaza ndowa zingapo. Silinda ya India Mark II ndi ya mamilimita 63.5, ndipo pa mamita 24 omwewo madzi okha ndi makilogalamu 76, nchifukwa chake handulo yake imachepetsa katundu kwambiri koma pulanja imayenda kamtunda kakafupi. Mutati muike silinda ya mamilimita 100 pofuna madzi ambiri, madzi okha angalemere makilogalamu 188. Mukawirikiza kawiri kutakata kwa silinda, katundu amawirikiza kanayi.

Chachisanu, yesani mjigo mukamaliza, ndipo muziuyesa kawirikawiri

Popeza silinda simuiona, muyenera kuimva kudzera m'handulo ndi mu ndowa. Mayeso ndi awiri.

Oyamba ndi a kuchuluka kwa madzi. Jigani mpaka madzi atayamba kutuluka mosadukiza, kenako ikani ndowa yoyezedwa, mujige maulendo 40 athunthu, handulo ikufika kumwamba ndi pansi, m'mphindi imodzi. Pa Afridev pulanja imayenda mamilimita 225, ndiye ulendo umodzi umanyamula malita 0.44, ndipo maulendo 40 ayenera kupereka pafupifupi malita 16 kapena 17. Lembani chiwerengero cha tsiku loyamba pa pepala. Chikayamba kutsika mwezi ndi mwezi, handulo nkumapepuka, ndiye kuti labala ya pulanja yatha ndipo madzi akuzembera m'mbali mwake kubwerera pansi.

Achiwiri ndi a kudontha. Madzi akutuluka bwino, siyani kujiga kwa mphindi 30, kenako muwerenge maulendo amene akufunika kuti madzi atulukenso. Mjigo wabwino umatulutsa pa ulendo woyamba kapena wachiwiri, chifukwa futuvalavu yasunga mapaipi ali odzaza. Akapitirira asanu, pali podontha. Ndipo maulendowo angakuuzeni pamene pali vuto. Paipi yokwezera madzi ya Afridev ndi yotakata pang'ono kuposa silinda, ndipo mita imodzi imasunga malita pafupifupi awiri, amene ndi maulendo ngati asanu. Ngati m'mawa uliwonse mjigo ukufuna maulendo ngati 45, kaya wapuma maola awiri kaya usiku wonse, ndiye kuti madzi amatsika mamita ngati 9 nkuima, ndipo chibowo kapena mfundo yodontha ili pafupi ndi pamenepo. Ngati utapuma usiku wonse ukufuna maulendo ngati 90, madzi atsika mamita 18 onse kukafanana ndi a m'chitsime, ndipo wokayikiridwa woyamba ndi futuvalavu, kapena mfundo ina imene ili pansi pa madzi. Kamchenga kamodzi kotsakamira pa labala yake nkokwanira.

Handulo ikapepuka mwadzidzidzi nkumangogwa yopanda katundu, marodi aduka kapena amasuka. Mjigo ukamapereka madzi bwino m'mawa, masana nkuyamba kulavula mpweya ndi madzi modukiza, kenako nkubwerera mwakale ukapuma, vuto si la zitsulo ayi. Madzi a m'chitsime atsika kufika pa silinda. Pamenepo yezaninso pamene madzi akufika masana, ndipo ngati pansi pali malo, onjezerani paipi imodzi kapena awiri ndi marodi ake. Pa Afridev pulanja ndi futuvalavu zimatuluka kudzera m'kati mwa mapaipi popanda kuwazula, choncho kusintha labala ndi ntchito ya anthu awiri ndi sipanala imodzi. Pa India Mark II muyenera kukweza mapaipi onse achitsulo, odzaza madzi, limodzi ndi limodzi, kuti mufike pa silinda, ndipo ntchito imeneyi imafuna zida zogwirira mapaipi ndi anthu odziwa, chifukwa paipi ikangopulumuka m'manja imagwera pansi pa chitsime pamodzi ndi silinda.